Kawerengedwe ka veniya kalipa ndi maikulomita poyeza waya ndi tizitsulo

Waya wamagetsi amene pachikutiro chake palembedwa 2.5 mm², ngati mkati mwake muli chingwe chimodzi cha kopa, chingwecho chimayenera kunenepa pafupifupi mamilimita 1.78. Chingwe china chikhoza kunenepa mamilimita 1.50 okha, ndipo mutaziika pamodzi, diso lingavutike kusiyanitsa. Komatu chachiwirichi chili ndi kopa wochepa ndi magawo pafupifupi 30 pa magawo 100 alionse, choncho chimatentha kwambiri chikanyamula magetsi ofanana ndi a chinzakecho.

Rula wamba sangaonetse kusiyana kotereku chifukwa timizere take timalekezera pa milimita imodzi. Zipangizo zimene zimapitirira pamenepa ndi veniya kalipa ndi maikulomita. Amisiri a zamagetsi, amakaniko komanso ophunzira fizikisi m'masekondale ndi m'makoleji a ntchito zamanja amazigwiritsa ntchito, ndipo zonse ziwiri zimawerengedwa mwa njira imodzi. Choyamba mumawerenga muyezo waukulu pa sikelo yosayenda, kenako mumawonjezera kagawo kakang'ono kochokera pa sikelo yoyenda, ndipo pomaliza mumakonza yankholo ngati chipangizo sichiyambira pa ziro weniweni.

Mmene kalipa inapangidwira

Dzina loti veniya linachokera kwa Pierre Vernier, katswiri wa masamu wa ku France, amene anafotokoza za sikelo yamtunduwu m'chaka cha 1631. Kalipa ili ngati rula wachitsulo amene pamwamba pake pamatsetsereka kachitsulo kena kokhala ndi timizere takenso. Rula wamtaliyo ndiye sikelo yaikulu, pamene kachitsulo kotsetserekako kamanyamula sikelo yaing'ono, yomwe ndiyo veniya yeniyeniyo.

Chipangizochi chimayeza m'njira zitatu. Nsagwada zikuluzikulu za m'munsi zimapana chinthu kunja, monga bawuti kapena paipi. Nsagwada zing'onozing'ono za pamwamba zimalowa m'bowo ndi kuyeza kukula kwake mkati. Kumchira kumatuluka kandodo kopyapyala koyezera kuya kwa bowo. Mwachitsanzo, belingi ya nambala 6203 ili ndi bowo la mamilimita 17, kunja kwake ndi mamilimita 40, ndipo m'mbali ndi yokhuthala mamilimita 12. Makaniko amene wapeza belingi yofufutika nambala akhoza kuizindikira poyeza malo atatuwa ndi kalipa imodzi yomweyo.

Chinsinsi cha sikelo yaing'ono n'chakuti timipata take n'tocheperako pang'ono poyerekeza ndi ta sikelo yaikulu. Pa kalipa yosavuta kwambiri, sikelo yaing'ono ili ndi timipata 10 timene tonse pamodzi timatalika mamilimita 9. Kampata kalikonse ndi mamilimita 0.9, kutanthauza kuti kamaperewera ndi mamilimita 0.1 kuti kakwane milimita yathunthu. Nsagwada zikatsekedwa, ziro wa sikelo yaing'ono amalunjika ziro wa sikelo yaikulu, kamzere koyamba kamatsalira ndi 0.1, kachiwiri ndi 0.2, kachitatu ndi 0.3, mpaka kumapeto. Mukatsegula nsagwada ndi mamilimita 0.3, kamzere kachitatu kaja kamasuntha mtunda womwe kanatsalira ndipo kamalunjika ndendende kamzere ka pa sikelo yaikulu. N'chifukwa chake nambala ya kamzere kolunjika ndiyo imakuuzani kagawo ka milimita kamene mukufuna.

Si kalipa zonse zimene zili ndi timipata 10. Zina zili ndi 20 ndipo zimawerenga mpaka mamilimita 0.05, pamene zina zili ndi 50 totalika mamilimita 49 ndipo zimawerenga mpaka 0.02. Kawirikawiri nambala imeneyi imadindidwa pa kachitsulo kotsetsereka. Ngati palibe, gawani milimita imodzi ndi chiwerengero cha timipata ta sikelo yaing'ono. Munthu amene sanayambe watsimikiza nambala imeneyi akhoza kuwerenga timizere molondola koma n'kupeza yankho lolakwika.

Kuwerenga kalipa

Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa saizi ya bawuti pogwiritsa ntchito kalipa ya 0.1. Pukutani bawutiyo, ilowetseni pakati pa nsagwada za m'munsi, ndipo kankhani kachitsulo kotsetsereka ndi chala chachikulu mpaka nsagwada zigunde bawutiyo mbali zonse ziwiri popanda kufinya. Mangani kasikuluwu kotsekera kuti muyezo usasunthe.

Yambani ndi kuona pamene pali ziro wa sikelo yaing'ono. Ngati wapitirira kamzere ka mamilimita 11 koma sanafike pa 12, muyezo waukulu ndi 11. Zilibe kanthu kuti ziroyo wayandikira kwambiri 12: mumatenga kamzere kamene wadutsa kale. Kenako yendetsani maso pa sikelo yaing'ono kufunafuna kamzere kamodzi kamene kalunjika bwinobwino kamzere kalikonse ka pa sikelo yaikulu, ngati kuti ndi mzere umodzi wosaduka. Ngati ndi kamzere ka nambala 8, kagawo kowonjezera ndi 8 × 0.1, komwe ndi 0.8. Bawutiyo ndi yonenepa mamilimita 11.8. Mazinga a bawuti amapangidwa ocheperako pang'ono pa saizi imene imatchulidwa, choncho muyezo umenewu ukusonyeza bawuti ya M12.

Pa kalipa ya 0.02 njira ndi yomweyo, kungoti timizere n'tothinana. Manambala odindidwa pa sikelo yaing'ono amaimira 0.1, 0.2, 0.3 ndi kupitirira, ndipo pakati pa manambala awiri alionse pali timipata 5 ta 0.02. Ngati ziro wadutsa 23, ndipo kamzere kolunjika ndi kachitatu kuchokera pa nambala 4, muyezo ndi 23 + 0.40 + 0.06, womwe ndi mamilimita 23.46. Nthawi zina timizere tiwiri kapena titatu timaoneka ngati talunjika tonse. Zikatero yang'anani timizere toyandikana nato. Kamzere koyenera ndi kamene anzake a kumanzere ndi kumanja apatuka mofanana, wina mbali iyi, wina mbali inayo.

Pali zolakwika zitatu zimene zimachitika kawirikawiri. Choyamba ndi kuwerenga muyezo waukulu pa mphepete ya kachitsulo kotsetsereka m'malo mowerenga pa ziro, zomwe zimachepetsa yankho ndi mamilimita angapo. Chachiwiri ndi kuiwala kuti pa kalipa zambiri manambala a sikelo yaikulu ndi masentimita, kotero kuti nambala 2 ikutanthauza mamilimita 20. Chachitatu ndi kuyang'ana sikelo chammbali. Popeza masikelo awiriwa nthawi zambiri sakhala pa msinkhu umodzi, diso likapendekeka limaona kamzere kena ngati ndiko kalunjika. Njira yodzitetezera ndi kuyerekeza zigawo ziwiri za yankho: ngati ziro ali pafupi ndi 12 koma kamzere kolunjika kakupatsani 0.2, penapake mwalakwitsa, chifukwa 11.2 ikanakhala pafupi ndi 11.

Mmene maikulomita imagwirira ntchito

Pa waya, kalipa imangopereka chithunzithunzi. Kuphonya ndi mamilimita 0.1 pa bawuti ya 12 si nkhani, koma pa kachingwe konenepa 0.67 n'kuphonya kwakukulu. Apa pamafunika maikulomita, imene yoyamba yogwirira m'manja inalembetsedwa ndi Jean Laurent Palmer wa ku Paris m'chaka cha 1848.

Chipangizochi chili ndi felemu yopindika ngati chilembo cha U. Kumbali imodzi kuli kachitsulo kosayenda kotchedwa anivilo, ndipo kumbali inayo kumachokera kandodo koyenda kotchedwa sipindulo. Chinthu choyezedwa chimakhala pakati pa ziwirizi. Sikelo yosayenda yalembedwa pa kapaipi kotchedwa silivu, pamene sikelo yoyenda yalembedwa mozungulira chogwirira chimene mumapotokola, chotchedwa thimbulo. Kumapeto kwenikweni kuli kachitsulo kolira "ke-ke-ke" kotchedwa latcheti. Maikulomita yofala imayeza kuyambira 0 mpaka mamilimita 25, ndipo zinthu zokulirapo zimafuna ina ya 25 mpaka 50.

Mkati mwake muli sikuluwu ya mazinga osalala kwambiri. Pa maikulomita zambiri, thimbulo ikazungulira kamodzi, sipindulo imayenda theka la milimita. Popeza thimbulo ili ndi timipata 50, kampata kamodzi ndi 0.5 ÷ 50, komwe ndi mamilimita 0.01. Tsono pamafunika kuzungulira kawiri kuti milimita imodzi ikwane, ndipo n'chifukwa chake silivu ili ndi timizere ta mitundu iwiri. Mbali imodzi ya mzere wautali wapakati kuli timizere ta mamilimita athunthu, ndipo mbali inayo kuli timizere ta theka la milimita.

Powerenga, onani kamzere komaliza ka milimita yathunthu kamene kakuoneka mphepete ya thimbulo isanaphimbe silivu. Kenako onani ngati patsogolo pake paonekanso kamzere ka theka. Pomaliza werengani nambala ya pa thimbulo imene yalunjika mzere wautali wapakati. Ngati mukuona kamzere ka 1, kamzere ka theka kakuonekanso, ndipo thimbulo ili pa 28, muyezo ndi 1 + 0.5 + 0.28, womwe ndi mamilimita 1.78.

Cholakwika chachikulu pa maikulomita ndi kuiwala kamzere ka theka. Woiwala amalemba 1.28 m'malo mwa 1.78, ndipo waya wabwinobwino amamutenga ngati wonyenga. Vuto lina limabwera thimbulo ikakhala pa manambala a kumapeto monga 47 kapena 49, chifukwa kamzere kotsatira ka pa silivu kamayamba kusuzumira ngakhale kasanafikidwe. Lamulo lake n'lakuti ngati kamzere kangotulukira pang'ono pamphepete ndipo thimbulo ili m'ma 40, musakawerenge. Ngati thimbulo yadutsa ziro ndipo ili pa manambala aang'ono monga 2 kapena 5, kawerengeni. Pamene mukukayika, yezani chinthu chomwecho ndi kalipa, chifukwa kusiyana kwa theka la milimita kalipa imakuonetsa mosavuta.

Mphamvu ya dzanja nayonso imasintha muyezo. Sikuluwu imafinya kwambiri kuposa mmene zala zimamvera, ndipo kopa ndi wofewa. Pachifukwa chimenechi, sipindulo ikayandikira chinthu siyani thimbulo n'kumaliza ndi latcheti mpaka ilire kawiri kapena katatu. Latcheti imatsetsereka ikafika pa mphamvu imene inaikidwiratu, kotero kuti anthu awiri oyeza waya mmodzi amapeza yankho lofanana.

Chipangizo chikaphonya ziro

Musanayeze chilichonse, pukutani nkhope za anivilo ndi sipindulo. Njira yosavuta ndi kupana kapepala koyera mopepuka n'kukasolola. Kenako tsekani ndi latcheti popanda kanthu pakati. Ngati ziro wa thimbulo walunjika mzere wapakati, chipangizo chili bwino.

Ngati thimbulo yaima pa 3, ndiye kuti maikulomita ikuwerenga 0.03 pamene palibe chimene ikuyeza, ndipo muyezo uliwonse udzakhala wopitirira ndi 0.03. Muzichotsa nambala imeneyi pa yankho lililonse. Ngati thimbulo yapitirira ziro n'kukaima pa 48, chipangizo chikuperewera ndi timipata 2, choncho muziwonjezera 0.02. Ambiri amalakwitsa apa pochotsa 0.48. Kalipa nayo imayesedwa chimodzimodzi: nsagwada zikatsekedwa, ngati ziro wa sikelo yaing'ono ali kumanja kwa ziro wamkulu mumachotsa, ndipo ngati ali kumanzere mumawonjezera. Pa kalipa ya timipata 10, ziro akakhala kumanzere ndipo kamzere kolunjika ndi ka 8, chowonjezera ndi timipata 2 totsala, kutanthauza 0.2.

Maikulomita zambiri zimagulitsidwa ndi kasipanala kotembenuzira silivu kuti ziro abwerere m'malo mwake. Koma ngati mutseka kangapo n'kumapeza manambala osiyanasiyana, vuto si la ziro. Mwina nkhope zoyezera zili ndi litsiro kapena zatha, mwina mazinga alobodoka. Kalipa iyang'anitseni kowala nsagwada zili zotseka, ndipo ngati kuwala kukudutsa pakati ndiye kuti nsagwada zatha kapena zapindika. Zipangizo zoonetsa manambala pagalasi zimachotsa ntchito yowerenga timizere, koma nazonso zimafuna kupukutidwa ndi kuikidwa pa ziro, ndipo sizichiza nsagwada zakutha.

Chitsanzo: mawaya awiri olembedwa 2.5 mm²

Nambala ya 2.5 mm² si kunenepa kwa waya. Ndi kukula kwa nkhope yozungulira imene imaoneka waya akadulidwa, ndipo imeneyi ndiyo imasonyeza kuchuluka kwa kopa amene magetsi amadutsamo. Maikulomita imayeza kunenepa, komwe m'masamu kumalembedwa d, ndipo nkhope imapezeka ndi fomula iyi: A = 0.785 × d × d.

Yezani kachidutswa kodulidwa kale kapena waya wa pa mkukutu. Musayeze waya amene ali m'khoma kapena wolumikizidwa ku magetsi, chifukwa chipangizo chonsecho n'chachitsulo. Sendani pulasitiki pa utali wa masentimita ngati 5 mosamala kuti mpeni usatemere kopa, ndipo wongolani chingwecho ndi zala. Pewani nsonga imene pulayala inadula chifukwa imakhala yophwatalala. Yezani malo atatu osiyana, ndipo nthawi iliyonse tembenuzani chingwecho pang'ono, popeza waya sakhala wobulungira ndendende paliponse.

Tiyerekeze kuti maikulomita yanu imaima pa 3 ikatsekedwa. Waya woyamba wapereka 1.81, 1.80 ndi 1.82. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 3 mukupeza 1.81, ndipo mukachotsa 0.03 kunenepa kwenikweni ndi mamilimita 1.78. Nkhope yake ndi 0.785 × 1.78 × 1.78, yomwe ndi 2.49. Waya ameneyu akugwirizana ndi zimene zalembedwa pachikutiro chake.

Waya wachiwiri wapereka 1.53, 1.54 ndi 1.52. Pakatikati pake ndi 1.53, ndipo mukachotsa 0.03 mukupeza 1.50. Nkhope yake ndi 0.785 × 1.50 × 1.50, yomwe ndi 1.77. Kunenepa kwasiyana ndi mamilimita 0.28 okha, koma chifukwa nambalayi imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, nkhope yatsika kuchoka pa 2.49 kufika pa 1.77. Waya wachiwiriyu ali pafupi ndi wa 1.5 mm², amene chingwe chake chimanenepa pafupifupi 1.38, kusiyana ndi wa 2.5 mm². Magetsi ofanana akadutsa m'mawaya awiriwa, wachiwiriyu amatulutsa kutentha kochuluka ka 1.4 poyerekeza ndi woyamba. Choopsa chake n'chakuti buleka imasankhidwa potengera saizi yolembedwa, choncho ikhoza kusadula magetsi ngakhale waya akutentha kupitirira zimene pulasitiki yake ingapirire.

Ngati waya ali ndi tizingwe tambiri topotedwa, musayeze mtolo wonse, chifukwa pakati pake pali mipata ndipo umaphwatalala ukapanidwa. Masulani, werengani tizingwe, yezani kamodzi, pezani nkhope yake, kenako chulukitsani ndi chiwerengero chake. Waya wa 2.5 mm² wa tizingwe 7 amakhala ndi kachingwe kalikonse konenepa pafupifupi 0.67. Nkhope ya kamodzi ndi 0.352, ndipo kuchulukitsa ndi 7 kumapereka 2.47. Waya wokulungira mamota ndi mathiransifoma ali ndi vuto lina: anakutidwa ndi vanishi wopyapyala amene amawonjezera pa muyezo, kotero kuti wofuna saizi ya kopa weniweni ayenera kuchotsa vanishiyo kaye popanda kupala kopa.

Zimene muyezo sungakuuzeni

Kusiyana kwa 0.01 kapena 0.02 si umboni woti waya ndi wachinyengo. Malamulo a kapangidwe ka mawaya amaweruza makamaka potengera mmene waya amakanizira magetsi pa utali wodziwika, ndipo nambala ya 2.5 ndi dzina la saizi chabe, choncho waya wabwino akhoza kupereka nkhope yotsikirako pang'ono. Chokayikitsa ndi kusiyana kwakukulu ngati kwa m'chitsanzo chija.

Komanso maikulomita siidziwa mtundu wa chitsulo. Pali waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa kunja, amene akhoza kunenepa mamilimita 1.78 ndendende koma amakaniza magetsi kwambiri kuposa kopa weniweni. Wotereyu amadziwika poyang'ana nsonga yodulidwa kapena popala ndi mpeni, pamene mkati mumaoneka motuwa ngati siliva, ndiponso amapepuka m'manja.

Zipangizo zoyezera zimakonzedwa kuti zizilondola pa kutentha kwa madigiri 20 a Selisiyasi. Pa tizinthu tating'ono kusintha kwa nyengo sikusokoneza kwenikweni, koma chitsulo chimene changochoka pa makina osemera kapena mu injini chizizire kaye musanachiyeze, ndipo musayeze chinthu chikuzungulira. Mukamaliza, pukutani chipangizo, pakani mafuta pang'ono, ndipo posunga maikulomita siyani kampata pakati pa anivilo ndi sipindulo kuti nkhope ziwirizo zisagwirane dzimbiri m'nyengo ya mvula.